Tebulo la pabalaza popanikiza pomwe pali ana aang'ono: likhale lalitali bwanji, nanga lotani?

Mayi wa ku Chilomoni (wofunsa): Moni nonse. Ndikupempha malangizo kwa amene mukudziwa za mipando. Pabalaza pathu ndi pa mamita 3.5 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi. Sofa ya anthu atatu, yotalika masentimita 190, ili kukhoma lalitali, ndipo kukhoma loyang'anizana nalo kuli kabati ya TV. Cha kuzenera kuli mpando wina wa munthu mmodzi. Njira yochokera pakhomo kupita kukhitchini imadutsa pakati pa sofa ndi TV. Ndili ndi ana awiri, wazaka 4 ndi wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri amene wangoyamba kuyenda, ndipo amagwira chilichonse kuti aimirire. Bambo akunyumba akufuna tebulo la pakati loti alendo aziikapo tiyi. Kodi ndipangitse lozungulira kapena la makona anayi, ndipo likhale lalitali bwanji kuchokera pansi kuti mwana asavulale?

Mayi wa ku Bangwe: Mayi, pamene pali ana musayerekeze n'komwe kugula la makona. Pezani lozungulira lagalasi, la mwendo umodzi pakati ngati langa, chifukwa galasi limachititsa kuti pabalaza paoneke potakasuka, komanso likathimbirira mumangopukuta ndi kansalu konyowa.

Mmisiri wa matabwa, Ndirande: Pa nkhani ya makona mayi a ku Bangwe anena zoona, koma pa zagalasi ndi mwendo umodzi ndikusiyana nawo. Mwana wa msinkhu umenewo akamaimirira amakanikiza m'mphepete mwa tebulo ndi thupi lake lonse, ndipo tebulo la mwendo umodzi, ngati tsinde lake silolemera ndiponso silotambalala, limapendekeka n'kumugwera pamodzi ndi zonse zili pamwamba. Ambiri mwa matebulo agalasi otchipa galasi lake limangokhazikidwa pa timphira, moti mwana akhoza kulikankha n'kuligwetsa. Galasi wamba likasweka limasiya zidutswa zazitali zakuthwa. Lolimbitsidwa limanyenyeka tizidutswa ting'onoting'ono, komabe sindingalimbikitse kuti lilowe m'nyumba ya mwana wongoyamba kuyenda.

Musanasankhe maonekedwe, yambani mwawerengera malo. Kodi sofa yanu ndi kabati ya TV zimatenga malo aakulu bwanji kuchokera kukhoma? Yezaninso kuchokera pansi kufika pamwamba pa khushoni yokhalira.

Wofunsa: Ndayeza ndi tepi, Bambo. Sofa imatenga masentimita 85 kuchokera kukhoma, kabati imatenga 40, ndipo khushoni ili pa masentimita 43 kuchokera pansi.

Mmisiri wa matabwa, Ndirande: Ndiye kuti pa masentimita 300 aja mwatsala ndi 175 pakati. Pakati pa sofa ndi tebulo pamafunika masentimita pafupifupi 40, kuti munthu alowetse miyendo bwinobwino koma afikirebe kapu yake popanda kudzuka. Mbali ya ku TV, popeza ndi njira ya kukhitchini yomwe mumadutsa mutanyamula mbale kapena mutabereka mwana, musiyeko osachepera 70. Mukachotsera zimenezi, tebulo lanu silingapose masentimita 65 m'lifupi.

Apa ndi pamene lozungulira likuvutira. Lozungulira loti lithandize anthu atatu okhala pasofa limafuna masentimita 80 kapena 90, ndipo limenelo lidzakutsekerani njira. La 60 lidzakwana, koma lidzathandiza wokhala pakati yekha. Ine ndikanapanga looneka ngati dzira, masentimita 60 m'lifupi ndi 110 m'litali. Kawirikawiri timati tebulo likhale magawo awiri mwa atatu a kutalika kwa sofa, zomwe kwa inu zikanakhala cha m'ma 125, koma ndachepetsa chifukwa cha mpando wa kuzenera uja. Ngati mmisiri wanu sangathe kulidula bwino lotero, apange la makona anayi lomwelo koma makonawo awazungulize kwambiri, osangowapala pang'ono ayi. M'mphepete monse, pamwamba ndi pansi pomwe, asalaze ndi sanipepa asanapake vanishi, chifukwa mwana wokwawira pansi pa tebulo amagunda mutu akamadzuka, ndipo amisiri ambiri m'munsimo amasiyamo mwakuthwa poti simuoneka.

Kutalika kwake kuchokera pansi kukhale kofanana ndi khushoni kapena kucheperapo pang'ono, choncho kwa inu masentimita 40 ali bwino, makamaka poti khushoni imaphwa munthu akakhalapo.

Bambo wa ku Machinjiri: Masentimita 40 achepa kwambiri. Tebulo labwino limakhala pa 75 kuti munthu adye nsima osawerama, ndipo ana saona zimene zili pamwamba.

Wofunsa: Zikomo Bambo, koma lodyera tili nalo kale kukhitchini. Ili ndi la pakati pa masofa.

Mayi wa ku Zingwangwa: Ngakhale bambowa sanamvetse funso, akhudza chinthu chimene ine chimandidetsa nkhawa. Tonse tikukamba za mutu kugunda pakona, koma pa masentimita 40 mwana wa chaka chimodzi amafikira chilichonse chili patebulo, ndipo chinthu choopsa kwambiri pamenepo ndi kapu ya tiyi wotentha kapena fulasiki. Wanga atayamba kuyenda ndinalichotsa tebulo la pakati n'kuliika kuchipinda, ndipo ndinagula timatebulo titatu tolowetsana tomwe timakhala pambali pa sofa, n'kumatitulutsa alendo akabwera basi. Pakati ndinayalapo mkeka kuti ana azisewerapo. Ngati mupangitse ndithu, chonde musayalepo nsalu yolendewera, chifukwa mwana akaikoka zonse zimamutsatira.

Mmisiri wa matabwa, Ndirande: Mfundo ya tiyi ndi yoona, ndipo palibe muyezo wa tebulo la pakati umene ungaithetse. Mukalikweza kufika pa 55, mwana wa masentimita 75 kapena 80 amafikirabe cha m'mphepete, ndipo tsopano m'mphepetemo mwayandikira nkhope yake, komanso tebulo lalitali lopapatiza siligwira pansi bwino. Mukalitsitsa kufika pa 30, limasanduka pokwera ndi podumphira, makamaka kwa wazaka 4 uja. N'chifukwa chake ndikukhalabe pa 40, zotentha zizikhala kwina. Timatebulo tolowetsana n'tabwino pa malo, koma n'topepuka, choncho mwana akakagwira kuti aimirire kamagwa naye. Tisamasiyidwe pamene iye afikira.

Miyendo ikhale inayi, yoikidwa pafupi ndi m'mphepete, pamwamba pasatulukire kunja kupitirira masentimita 5 kapena 6. Pokalitenga, kanikizani m'mphepete ndi manja onse awiri mbali iliyonse. Mwendo wa mbali inayo ukangonyamuka, musalitenge. Mlombwa kapena mbawa ndi zolemera ndipo siziyendayenda, pomwe paini ndi wopepuka, moti pasimenti yopaka polishi kapena pamatailosi amatsetsereka mwana akamutsamira, pokhapokha mutamata timphira kunsi kwa miyendo. Madirowa ndi zogwirira zachitsulo musaikemo, amapana zala.

Mayi wa ku Bangwe: Langa lagalasi ndakhala nalo ana anga onse akukula ndipo palibe anavulala. Koma shelefu ya m'munsi yokha musaisiye, pabalaza popanikiza imasunga zidole ndi marimoti.

Mmisiri wa matabwa, Ndirande: Shelefu imawonjezera kulemera m'munsi, zomwe zimathandiza kuti tebulo lisagwe, koma mwana amaiponda ngati makwerero, ndipo akuluakulu amasowa polowetsa mapazi. Pamenepo sankhani nokha.

Wofunsa: Zikomo nonse. Madzulo ano ndidula katoni ya masentimita 60 ndi 110 n'kuiyala pansi kuti tione ngati tikudutsa bwino ndi beseni la madzi. Bambo akunyumba akukana zoti tebulo lisakhalepo n'komwe, koma za galasi avomera kusiya. Kodi alipo amene anagwiritsapo ntchito timphira tomata pamakona, ndipo mwana sanatimatule n'kuika m'kamwa?