Za dolutegravir ndi mankhwala a m'mimba: kuyankha funso la mayi amene amamwa TLD, ma ARV olimbana ndi kachilombo ka HIV

"Mudandiuza kuti adyo ndi ginja wa chimfine si vuto kwenikweni. Nanga ufa wa makala ndi dothi lija amati limaletsa kutentha kwa pamtima? Ndimamwa TLD usiku."

Apa ndiye pali nkhani yeniyeni, amayi. M'piritsi la TLD muli dolutegravir, ndipo mankhwala amenewa amamatirana ndi kashiyamu, ayironi, maginiziyamu ndi aluminiyamu akakumana m'matumbo. Akamatirana sapita m'magazi mokwanira, amatuluka ndi chimbudzi. Dothi lodya, phulusa losungunula ndi mankhwala oyera akumwa a chilungulira ali ndi zinthu zimenezi, pomwe makala amatha kukoka mankhwala ambiri amene akumana nawo.

Ngati simungaleke, siyanitsani nthawi: imwani TLD maola 2 musanamwe zimenezo, kapena maola 6 mutamwa. Mukamwa TLD 8 koloko usiku, za m'mimbazo zikhale zisanakwane 2 koloko masana, kapena 10 koloko itadutsa. Dothi ndi makala ndi bwino kungozisiya.

Choipa n'chakuti dolutegravir akachepa m'magazi simudzamva kusintha kulikonse m'thupi. Chidzaonekera pa kuyeza kuchuluka kwa kachilombo, zotsatira zikadutsa 1,000, ndipo pamenepo mwina kachilombo kayamba kuzolowera mankhwala.

Za adyo ndikonzeko pang'ono: wa m'ndiwo alibe vuto, koma makapusulo a adyo wambiri adapezeka akutsitsa mlingo wa ma ARV ena m'magazi. Mimba ikapweteka kupitirira masiku atatu, kapena maso akachita chikasu, siyani zitsamba zonse, mutenge botolo lake mukalionetse ku chipatala.