Thandizeni, bayasi wa pakhosi akukana kugona

Membala wobisa dzina: Adimini bisani dzina langa chonde, alamu anga ali pa gulu pompano. Ndimasokera kunyumba ku Mufakose, kuno ku Harare. Alamuwo anandibweretsera zitenje kuti ndisoke madiresi anayi opanda manja a atsikana ovina pa chinkhoswe cha mwana wawo Loweruka likudzali. Za ndalama sananene kanthu, akuti ndife amodzi, chonsecho ulusi ndi mazipi ndagula ndekha m'tauni ndipo kombi ndalipira ndekha. Magetsi kuno akubwera pakati pa usiku, ndiye ndikusita anthu ali mtulo, bambo akunyumba akudandaula kuti ndikuwasokosera. Vuto ndi pakhosi ndi m'khwapa. Ndaika bayasi wodula ndekha, kamzere ka nsalu komalizira m'mphepete kaja, koma khosi laimirira ngati mkombero wa lichero, ndipo m'khwapa muli makwinya opendekera. Ndasita ndatopa. Kodi ndi makina? Ndi akale, anali a malemu apongozi.

Telala Wamkulu wa ku Mbare: Makina alibe mlandu mayi. KOKANI bayasiyo posoka, nkhani yatha. Ine ndinayamba kusoka pakhonde ambiri a inu musanabadwe. Khosi likaimirira ndiye kuti bayasi watalika kuposa khosi, basi. Ana a masiku ano mumaopa nsalu ngati ikulumani.

Make Mapasa: Vuto lanu si bayasi asisi, ndi alamu anuwo. Ine ndinasokera achibale madiresi a ukwati, mpaka lero ndimangopatsidwa moni. Atengereni theka la ndalama musanasoke kalikonse.

Mnyamata wa pa Gileni Viyu: Khosi loimirira ndi sitayilo amayi, auzeni kuti ndi za ku Joni 😂

Anaphiri Osoka: Achemwali, simunatiuze chinthu chachikulu. Bayasiyo akuoneka kunja, atakumbatira m'mphepete mwa khosi, kapena mwamupindira yense m'kati kuti kunja kuzingooneka mzere wa ulusi? Nanga munadula wotambalala bwanji? Njira ziwirizi sizigwiridwa mofanana.

Telala Wamkulu wa ku Mbare: Mafunso a kusukulu amenewo. Bayasi ndi bayasi. Akoke.

Agogo a Mvano: Mwana wanga, kodi unadula chopendekera ndithu? Ambiri amadula motsata m'lifupi mwa chitenje pofuna kusunga nsalu, kenako n'kumati bayasi. Tenga ngodya ya nsalu, uipinde kuti mbali imene unadula igone pa mphepete ija ya ku fakitale yosasomoka. Mzere wa pamene papindikapo ndiwo uutsate ndi sizasi, ndiwo madigiri 45 amene amanena aja. Ukakoka kachidutswako kazitamuka n'kuchepa m'lifupi. Kakakana kutamuka ndiye kuti wadula lamba chabe, ndipo sangazungulire khosi ngakhale usite mpaka tambala alire.

Make Mapasa: Agogo, kudula chopendekera kumadya nsalu. Ine ndimangogula wa mushopu.

Agogo a Mvano: Sikudya monga mmene anthu amaopera. Kansalu ka masentimita 50 mbali zonse, ukadula timizere ta masentimita 4, kamakupatsa mamita pafupifupi 6. Diresi limodzi, khosi ndi makhwapa onse awiri, silifika mamita 2. Polumikiza usalumikize mowongoka. Ika timizere tiwiri kumaso ndi kumaso mopingasana, usoke kuchoka ngodya kupita ngodya, udule zotsala, usite msokowo motsegula. Ukatero mfundo yake siunjikana malo amodzi.

Telala Wamkulu wa ku Mbare: Wa mushopu ndi wa aulesi. Ndi wouma, ndipo mtundu wake sugwirizana ndi chitenje. Ine sindinagulepo.

Make Mapasa: Bambo, aulesi ndani? Mwayamba kale mwano wanu uja. Mayunifolomu a ana asukulu ndimasoka ndi wa mushopu yemweyo ndipo palibe kholo linabweza.

Telala Wamkulu wa ku Mbare: Yunifolomu ndi diresi la chinkhoswe n'zosiyana mayi.

Wa Makatani: Ine zinandichitikira pa nsalu ya pathebulo yozungulira. Ndinakoka bayasi monga akunenera bambowa, nsalu yonse inapindikira m'mwamba, kasitomala anakana kulandira. Ndiye musakoke ayi, m'malo mwake muzimukankhira pang'ono kuti akhale wokhwefuka.

Telala Wamkulu wa ku Mbare: Tikunena za khosi, inu mukubweretsa thebulo.

Anaphiri Osoka: Nonse awiri mukunena zoona pa malo ake. Nsalu ya pathebulo imakhota chotulukira kunja, pamenepo bayasi amafunika kumukhwefula. Khosi ndi khwapa zimakhota cholowera m'kati, ndipo ngati bayasi akukumbatira mphepete n'kumaoneka kunja, pamenepo mumamukoka pang'ono monga akunenera ankolowa. Koma pang'ono, ndipo chokokedwa ndi bayasi yekha, osati diresi. Tidikire mwini funso ayankhe.

Membala wobisa dzina: Pepani foni inathima. Agogo ndadula chopendekera ndithu, amatamuka. Ndinadula masentimita 6, ndinapinda pakati, ndinasoka kumaso kwa diresi n'kumutembenuzira yense m'kati. Kunja sakuoneka. Ndinafuna akhale wamkulu kuti alimbe chifukwa atsikanawo azivina. Ndi chitenje chomwecho, cholimba chija chonyezimira. Alamu aimbanso foni kufunsa ngati ndamaliza, sanafunse n'komwe ngati ndadya.

Anaphiri Osoka: Eya, ndiye tapeza. Bayasi wanuyo watambalala kwambiri, komanso ndi wophatikiza pawiri pa nsalu youma. Masentimita 6 mukapinda pakati ndi 3, msoko ukadya 1, m'kati mwa diresi mwagona bayasi wa masentimita 2. Tengani tepi, yalani diresilo pansi, muyeze m'mphepete mwenimweni mwa khosi. Tinene kuti mwapeza 60. Kenako yezaninso mozungulira koma mutatsika masentimita 2. Pa khosi lozungulira mupeza 70 kapena kuposa. Ndiye kuti mbali ya m'munsi ya bayasi wanu ikufunika kutamuka masentimita 10 kapena 12 kuti igone. Chitenje cholimba chopinda pawiri sichingafike pamenepo. Chikalephera, chimakoka diresi, khosi n'kuimirira. Mukanakhala ndi bayasi wa sentimita 1 m'kati, kutamuka kofunika kukanakhala theka la pamenepo, ndipo nsalu imakwanitsa. M'khwapa mwanyanya chifukwa pansi pa khwapa pamakhota kwambiri kuposa pakhosi. Ndipo apa kukoka kuwonjezera vuto, chifukwa mukamaliza kutamuka konse pa msoko woyamba, mbali ya m'munsi ilibenso potamukira.

Telala Wamkulu wa ku Mbare: Masamu onsewa a diresi la mwana? Ine ndimakoka ndipo zimagona.

Anaphiri Osoka: Wanu uja amaoneka kunja ankolo, ndinaona zithunzi munaika pa gulu pano. Wa achemwaliwa ndi wopindira m'kati.

Mnyamata wa pa Gileni Viyu: Ankolo agwidwa ndi zithunzi zawo zomwe 😂😂

Telala Wamkulu wa ku Mbare: Iwe ukudziwa kulowetsa ulusi pa singano?

Membala wobisa dzina: Ndiye nditani Anaphiri? Awiri ndasoka kale, awiri ndangodula.

Anaphiri Osoka: Yambani ndi awiri osasokawo. Musanaike kalikonse, sokani mzere umodzi wa ulusi m'mphepete mwa khosi, mamilimita 4 kapena 5 kuchoka m'mphepete, kuyambira paphewa kukathera pakati, mbali inayonso chimodzimodzi. Khosi likangodulidwa mbali zina zimakhala zopendekera, ndiye limatamuka lokha mukamaligwiragwira kapena kuyesa mwana. Mzere umenewu umaligwira. M'khwapa chitaninso zomwezo.

Bayasi dulani wa masentimita 3, musapinde pawiri. Musanamuike, mukhotetseni ndi simbi. Mugoneke pa thebulo lositira, mumuwaze madzi, muzisita uku mukumuzungulitsa kuti atenge maonekedwe a khosi, mbali ya kunja ndiyo itamuke. Akazizira amakhala chokhota. Mbali yaifupiyo ndi imene mulumikize ku khosi, kumaso ndi kumaso, osakoka, msoko wa mamilimita 6. Ngati munasiya malo a msoko aakulu podula diresi, yambani mwachepetsa kuti patsale 6 yomweyo.

Mukasoka, tematemani msokowo ndi nsonga ya sizasi, motalikirana sentimita 1, pansi pa khwapa moyandikana kuposa apo, koma osadula ulusi. Kenako gonekani msokowo kumbali ya bayasi, musoke mzere wina pa bayasiyo pafupi kwambiri ndi msoko, kugwira bayasi ndi msoko pamodzi. Anthu amadumpha pamenepa, chonsecho mzere umenewu ndi umene umaletsa bayasi kusuzumira kunja. Mukatero tembenuzirani m'kati, pindani mbali yotsala kuti atsale wa sentimita 1 kapena kuposa pang'ono, sitani, musoke.

Agogo a Mvano: Ndipo asanasoke mzere womalizawo ayambe wagwira ndi singano ya manja, mosoka patalipatali. Makwinya opendekera aja amabwera chifukwa phazi la makina limakankha nsalu ya pamwamba pamene ya pansi ikukokedwa ndi mano. Mapini okha sagwira. Atalikitsenso masitichi afike mamilimita 3. Makina akale ambiri ali ndi kasikuluwu pamwamba kofewetsera phazi, akamasule pang'ono.

Make Mapasa: Madiresi anayi kusoka ndi manja, ulere? Agogo inu.

Wa Makatani: Chitenjecho munachapa musanadule? Chonyezimira chija chimafewa chikachapidwa, komanso chimabwerera.

Membala wobisa dzina: Alamu anakana, akuti chisiya kuwala.

Anaphiri Osoka: Ndiye bayasi musadule ku chitenjecho. Pezani kansalu ka thonje kopyapyala ka mtundu woyandikira, poti sikaoneka kunja. Muchape kokha kaye. Simbi ya makala ikwanira ngati magetsi kulibe, bola kansalu konyowa pamwamba kuti pakhale nthunzi. M'khwapa muyambe mwatseka msoko wa m'mbali, ndipo polumikizira bayasi pasakhale pa msokowo ndendende, musunthe pang'ono chakumbuyo kuti pasatupe.

Telala Wamkulu wa ku Mbare: Zonsezi n'kutaya nthawi. Awiri osoka kalewo angoika kolala kapena fesing'i, nsalu ya m'kati yodulidwa motsata khosi ija, khosi likatamuka latamuka, silibwerera.

Anaphiri Osoka: Zimatengera. Asomole ulusi pang'onopang'ono osakoka, ayeze khosilo ndi la madiresi amene sanasokewo ngati saizi ndi imodzi. Likaposa ndi sentimita 1 kapena 2, asoke mzere wa masitichi aatali, akoke ulusi wa pansi kufikira muyezo ubwerere, asite ndi nthunzi mochita kudinda osati kutsetsereka. Likaposa pamenepo ndiye mwina ankolo akunena zoona.

Telala Wamkulu wa ku Mbare: Palibe za mwina. Chitenje chonyezimira chimasiyanso mabowo a singano ukasomola. Mudzandiuza.

Agogo a Mvano: Mabowo amatsekeka ukanyowetsa n'kukanda ndi chikhadabo.

Telala Wamkulu wa ku Mbare: Osati pa chitenje chimenecho agogo.

Mlendo pa gulu: Moni nonse, alipo akudziwa komwe ndingapeze lamba wa makina opalasa ndi phazi kuno ku Harare?

Membala wobisa dzina: Zikomo Anaphiri ndi agogo. Ndasomola limodzi, khosi laposa ndi masentimita 3, komatu mwana wake ndi wonenepa kuposa enawo ndiye sindikudziwa ngati ndiyerekeze ndi liti. Patani ndinajambula pa nyuzipepala ndipo ana anayatsira mbaula. Alamu akuti abwera mawa kudzaona.

Make Mapasa: Akabwera muwauze za ndalama.