Alright kapena all right? Abwana andibwezera lipoti

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Blantyre. Sabata yatha ndinafufuza malisiti 12 a mafuta a galimoto, onse ndinawapeza ali bwinobwino, ndiye mu lipoti ndinalemba kuti "The figures are alright". Abwana azunguliza alright ndi cholembera chofiira, n'kulemba pambali kuti mawu amenewa kulibe m'Chingerezi. Koma ine ndimawaona tsiku lililonse, ngakhale foni yanga imandipatsa yokha ndikamalemba. Walakwa ndani, ine kapena iwo?

Mnyamata wa pa koleji: Abwana anuwo ndi achikale. Alright ndi ya ku Britain, all right ndi ya ku America. Ife timatsata Britain, ndiye muli bwino achimwene.

Mayi wokonza zolembedwa: Ayi mwanawe, nkhaniyi si ya colour ndi color. Amene anadzudzula alright kwambiri anali Mngelezi, H. W. Fowler, m'buku lake la kagwiritsidwe ntchito ka Chingerezi la 1926. Ku America nakonso, buku la malamulo a atolankhani a Associated Press limati muzilemba all right basi. Choncho mbali zonse ziwiri akonzi ambiri amaidula.

Komano abwana anu anyanyira ponena kuti mawuwa kulibe. Akhala akulembedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1800, ndipo mu dikishonale ya Merriam-Webster alimo. Anabadwa ngati already, altogether ndi always, omwe anachokera ku all n'kutaya l mmodzi. Kungoti enawo analumikizana kale kwambiri, pomwe alright anafika mochedwa, olemba mabuku a galamala atatseka kale chitseko.

Koma inu bambo, vuto lanu lenileni si limenelo. Chiganizo chanucho chikunena zomwe simunafune kunena.

Wofunsa: Zomwe sindinafune kunena bwanji, mayi?

Mayi wokonza zolembedwa: M'chiganizo ngati chanucho, all right ali ndi matanthauzo awiri. Loyamba, all ndi "onse", right ndi "olondola": manambala onse ndi olondola. Lachiwiri ndi lija timayankha munthu akatifunsa kuti ndiwo zinali bwanji, ife n'kuti "zinali bwinoko, zodyeka". Alright amanyamula lachiwiri lokhalo. Ndiye "The figures are alright" wowerenga amamva kuti manambalawo ndi abwinoko, angapitirire. Munthu wofufuza malisiti 12 sangalembe choncho, chifukwa lisiti limagwirizana ndi buku kapena siligwirizana, palibe zapakatikati.

Yesani chonchi: chotsani all muone chotsala. "The figures are right" ikunenabe zomwe mumafuna, ndiye kuti all anali kudziimira payekha ndipo mawu ayenera kukhala awiri. Tsopano tengani "All right, let us go". Pamenepo palibe zinthu zomwe mukuwerenga kuti zonse, mukungovomera. Apo m'pamene ena amalemba alright.

Ndikanakhala ine, ngakhale all right sindikanalemba, poti nayenso angamvedwe pawiri. Ndikanati "All twelve receipts are correct", nkhani yatha.

Bambo wina wa ku Joni: Ine ndimalemba allright, ma l awiri. M'Chichewa timangoti olayiti, bwanji tikuvutikira?

Mphunzitsi wa sekondale: Achimwene a ku Joni, imeneyo ndiye siyani lero lomwe. Allright sivomerezeka kwa aliyense, ngakhale kwa okonda alright.

Ine ana anga a Folomu 4 ndimawauza kuti pa MSCE alembe all right paliponse. Palibe wochonga amene angakuchotsere malikisi chifukwa cha all right, koma alright ukhoza kugwa m'manja mwa munthu wa maganizo ngati abwana a wofunsayu. Kuikiranji mayeso pachiswe chifukwa cha l mmodzi ndi kampata?

Mayi wokonza zolembedwa: Pa mayeso ndi pa kalata yofunsira ntchito ndikugwirizana nanu aphunzitsi. Koma "paliponse" ndiye ayi. M'nkhani yopeka, kondakitala wa minibasi akamakuwa "Alright, alright, tiyeni!" ine sindikhudza. Kumulembera all right kumamuveka tayi.

Mphunzitsi wa sekondale: Khutu silimva kusiyanako, mayi, onse amatchulidwa chimodzimodzi. Mwana akazolowera m'nkhani yopeka, mawa ailowetsa mu lipoti, monga zachitikira apamu. Ine ndipitiriza kuizunguliza.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndasintha, ndalemba "All twelve receipts are correct", ndipo abwana asaina. Za Merriam-Webster sindinawauze, mwezi sunathe. Koma pa WhatsApp ndi anzanga, alright ndiisiye kapena?

Mnyamata wa pa koleji: Pa WhatsApp anthu akulemba "aight" inu mukadali pa alright, achimwene.