Chala chachikulu chija chinatupa usiku: inali gauti, mtundu wa nyamakazi

Ndinafunsa kuti: "Ndadzuka mfundo ya chala chachikulu chakuphazi yatupa, yafiira ndipo ikutentha. Ndi gauti kapena ndavulala?"

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinamvera aja anati ndipite kuchipatala, osati kukatsula chalacho.

Adokotala anayamba kufunsa ngati ndinapunthwa. Anati wovulala amakumbukira pomwe anagunda, ndipo ululu umakula makamaka akaponda. Wanga unayamba ndili m'tulo, n'kufika pachimake kusanache, moti ngakhale bulangete silimayenera kukhudza. Anandiyezanso kutentha thupi n'kuyang'ana ngati pali bala, chifukwa mfundo yolowa majeremusi imaoneka chimodzimodzi, ndipo imeneyo siyodikira mawa.

Anandipatsa mankhwala otchedwa kolichisini, nati ndizikweza mwendo, kuikapo ayezi wokulunga m'nsalu ndi kumwa madzi ambiri. Masiku ochepa okha ululu unazilala, khungu la pamfundopo n'kuyamba kusupuka.

Chodabwitsa n'chakuti asidi wa yuriki, amene amayambitsa gauti akachuluka m'magazi, anapezeka wabwinobwino. Akuti nthawi yotupa amatha kutsika, ndiye ndinakayezetsanso patapita milungu ingapo, n'kupezeka wokwera. Wina akakhala ngati ine, atchule mankhwala onse amene amamwa. Anga a kuthamanga kwa magazi, okodzetsa aja, amakweza asidiyu, ndipo andisinthira. Mowa ndi chiwindi chootcha ndayamba ndasiya.