Thandizeni: serebelamu ndi bezo gangiliya ndimazisokoneza

Moni nonse muno, mwaswera bwanji? Ndikulemba mayeso a fiziyoloji Lachisanu lino koma pali funso lomwe landivuta zedi, akuti tiyerekeze ntchito ya serebelamu ndi bezo gangiliya kuti thupi liziyenda mwadongosolo. Manotsi ndawerenga katatu, mabuku a ku laibulale ndaona, anzanga a mkalasi nawonso aliyense akunena zake.

Zomwe ndagwira ndi izi. Serebelamu imafananiza zomwe ubongo walamula ndi zomwe mkono ukuchitadi nkukonza pomwepo, nde ikaonongeka munthu amayenda dzandidzandi ngati waledzera, ndipo ukamuuza akhudze mphuno yake chala chimanjenjemera kwambiri chikamayandikira. Bezo gangiliya zimasankha mayendedwe oti ayambike nkutsekereza osafunika, nchifukwa chake pa matenda a Parkinson, dopamini akachepa, munthu amachedwa kuyamba kuyenda, minofu imauma ndipo dzanja limanjenjemera atangokhala phee.

Pomwe ndakanirira ndi pa mbali. Akuti serebelamu yakumanja ikavulala vuto limaoneka kumanja komweko, koma bezo gangiliya zakumanja zikavulala vuto limapita kumanzere. Zikutheka bwanji poti zonse zimadutsa pa thalamasi kubwerera ku kotekisi? Ndinamva kuti njira ya serebelamu imaoloka kawiri koma sindikuona pomwe ikuolokera kachiwiripo.

Amene munakhoza kale, ndilongosolereni chonde. Komanso funso la mamalikisi 10 ndijambule tebulo kapena ndilembe ndime?