Dzina la zilembo za pagolosale zija ndalipeza

Ndinafunsa kuti: "Kodi zilembo zonenepa, zobulungira kumapeto, zomwe ndajambula pachikwangwani cha golosale ku Limbe zimatchedwa chiyani?"

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinatsatira malangizo oti ndiyang'anitsitse chilembo chimodzichimodzi, makamaka o. Kabowo ka m'kati mwake n'kopendekera kumanzere, ndipo timiyendo ta zilembo zonse n'tobulungira, topanda nsonga. Ndi Cooper Black, zilembo zomwe Oswald Cooper anakonza ku Chicago, zinatuluka mu 1922.

Chomwe chinandisokoneza n'chakuti ma a awiri sankafanana. Nditabwererako ndinaona mizere ya burashi, kusonyeza kuti mmisiri anachita kutengera pamanja, choncho sizingafanane ndendende. Pojambula imani kutsogolo kwenikweni, chifukwa chithunzi changa choyamba, cham'mbali, chinapotoza kabowo kaja.