Ndiwafotokozera bwanji a chaka choyamba kusiyana kwa 53 ndi 78?

Wa ku Goliati: Anzanga ochonga, ndithandizeni. Ndabweza zimangirizo za a chaka choyamba. Funso linali lakuti aunike ngati maesiteti a tiyi ndiwo gwero la kusowa kwa malo olima ku Thyolo. Mtsikana wina wapeza 53, mnzake 78, chikhalirecho mfundo zawo n'zofanana. Wa 53 uja wabwera misozi ili m'maso, akuti analemba masamba ambiri kuposa mnzakeyo. Kwathu kuno kukhoza kumayambira pa 50, disitinkishoni pa 75. Lolemba ndikufuna ndiwamasulire onse m'kalasi.

Wa ku Luchenza: Auzeni kuti zili ngati pa MSCE achimwene, 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 7 ndi 8 ndi pasi. Woloweza zambiri ndiye amakwera.

Mayi wa ku Chitakale: Pepani bambo, maganizo amenewo ndi omwe akumuliritsa mwanayo. Achimwene a ku Goliati, malikisi munawagawa bwanji?

Wa ku Goliati: Mfundo 40, kuunika 30, kasanjidwe 15, chiyankhulo ndi kutchula magwero 15. Woyamba 28, 10, 8, 7. Wachiwiri 31, 25, 11, 11.

Mayi wa ku Chitakale: Ndiye yankho muli nalo kale. Pa mfundo asiyana ndi 3 yokha, koma pa kuunika asiyana ndi 15. Lembani ndime ziwiri pa bolodi, popanda mayina. Ya pasi imati maesiteti anatenga malo ambiri nthawi ya atsamunda, anthu achuluka, nthaka yaguga, n'kuthera pomwepo. Zonse n'zoona, koma wangozindandalika ngati tomato pamsika, sanayankhe funso. Ya disitinkishoni imasankha mbali. Imanena kuti maesiteti ndiwo gwero, ikupereka umboni ndi komwe waupeza, kenako ikudzifunsa yokha: nanga bwanji ku Chiradzulu, komwe kulibe minda ikuluikulu ya tiyi, malo akusowanso? Wophunzira akayankha funso lomutsutsa loterolo n'kusintha pang'ono ganizo lake, ine dzanja silinjenjemera kupereka 75. Ana awerenge ndime zonse ziwiri, achonge okha musanawauze malikisi.

Wa ku Bvumbwe: Ine vuto langa ndi Chingerezi. Ndili ndi mnyamata woganiza mozama, koma ziganizo zake n'zothyokathyoka. Ndinamupatsa 68, mtima ukundipwetekabe.

Mayi wa ku Chitakale: Ngati ganizo likumveka, muduleni pa 15 ya chiyankhulo pokha. Musamulange kawiri.

Wa ku Luchenza: Apo sindikuvomereza madamu. Ndime yoti ndiiwerenge katatu kuti ndiimve, ndinganene bwanji kuti yaunika bwino?

Wa ku Goliati: Ndime ziwirizo ndikonza usiku uno. Za mnyamata wa 68 uja, mpatseni wochonga wachiwiri pepalalo osamuuza malikisi anu, tione ngati mukumane.